Lembani Mzere Umodzi, Koma Ufike

M'mwezi wa Ogasiti azimai a kalabu ina imene timagwira nayo nchito anatsekera nkhuku zao m'makola kuyambira mbandakuca, monga tinawapempha, kuti mlangizi wathu akafika asayambe kuthamangitsana nazo m'chire. Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Mlangizi anafika ndithu, koma katemera wa citopa amene ananyamula anali wokwanira nkhuku 150, pomwe m'makolamo munali nkhuku 310. Anadontheza m'maso mwa zimene anatha, ndipo 160 zotsalazo anazitsegulira osalandira kanthu. Patapita milungu iwiri tinabwererako, koma mabanja ena sanatsekerenso nkhuku zao. Sitingawadzudzule. Munthu amene wataya m'mawa wathunthu wa kudimba cifukwa ca lonjezo losakwaniritsidwa amaganiza kawiri asanamverenso.

Titakhala pansi kufunsana cimene cinalakwika, aliyense anali ndi umboni wakuti iye sanalakwe, ndipo cowawa n'cakuti onse anali kunena zoona. Nkhaniyi tiifotokoza mwatsatanetsatane, cifukwa ndi imene yatibweretsa pa maganizo amene tikufuna kuwateteza m'kalata ino: kuti polemba za nchito pa foni, m'madera athu ano a netiweki yofooka ndi bandulo yodula, mzere umodzi waufupi woonjezedwa pansi uposa ndime yaitali yokonzedwa bwino, ndiponso kuti nchito yolemba siinathe kufikira wolembayo ataona ndi maso ake kuti zolembazo zacoka m'foni.

Monga ambiri a inu mudziwa, nchito za alangizi ndi alimi otsogolera timazisunga pa mndandanda umodzi umene aliyense amautsegula pa foni yake. Nchito iliyonse ili ndi khadi lake, ndipo pa khadilo pali bokosi lolembamo zofotokoza. Pa khadi la katemera wa kalabu ija, bokosilo linali ndi ndime imodzi yonena zonse pamodzi: tsiku la ulendo, Lacisanu; malo okumanira; ndi ciwerengero ca nkhuku, 120, cimene cinatsala kucokera ku katemera wa mu Epulo, pakuti katemerayu timamubwereza miyezi inai iliyonse. Lacitatu mlangizi anapita kukawerenga, napeza kuti midzi iwiri yoyandikana nayo yalowa m'kalabu, ndipo nkhuku zafika 310. Anatsegula bokosi lija ali komweko, nafafaniza 120, nalemba 310. Kumeneko kulibe netiweki, motero foni inasunga kusinthako m'kati mwake. Lacinai ca m'ma 10 koloko, ali pa cikweza ca pamsewu, foni inagwira netiweki ndipo 310 inapita. Iye anaona cizindikiro cakuti zapita, mtima wake unakhala pansi.

Koma m'mawa womwewo ca m'ma 8 koloko, mai amene amakonza za maulendo mu ofesi anali atatsegula khadi lomwelo kuti asunthe tsiku kucoka Lacisanu kupita Lolemba, cifukwa njinga yamoto inali kwa okonza. Magetsi anali atathima, intaneti ya mu ofesi inali yozima, ndipo foni yao inawaonetsa ndime monga inaisunga dzulo lake, yokhala ndi 120. Anasintha liu limodzi lokha, dzina la tsiku. Magetsi atabwera ca m'ma 2 koloko masana, foni yao inatumiza osati liu limodzilo ai, koma bokosi lonse monga linaliri pa foni yao: Lolemba, malo okumanira, ndi nkhuku 120. Popeza ilo linafika pambuyo, linakhala pamwamba pa la mlangizi, ndipo 310 inafafanizika popanda cenjezo lililonse. Wosunga katemera anawerenga 120, naonjezako pang'ono monga acitira nthawi zonse, nalongedza wa nkhuku 150.

Apa mpamene pali cinthu cimene ambiri a ife sitinacidziwe. Foni ikakhala kopanda netiweki, siilemba pa mndandanda weniweni umene tonse timagawana. Imalemba pa kope lake, ndipo zosintha imaziika pamzere, ngati matumba a cimanga oyembekezera galimoto pamphepete pa msewu. Netiweki ikapezeka, matumbawo amanyamulidwa. Tsono anthu awiri akasintha bokosi limodzi aliyense ali kwake, makina a kutali aja amene amasunga mndandanda ayenera kusankha. Mapulogalamu ena amasunga makope onse awiri nafunsa munthu kuti asankhe. Ambiri safunsa: cimene cafika comaliza ndico cimakhala. Alipo enanso amene amayang'ana nthawi imene foni iliyonse inalemba, ndipo pamenepo foni ya wochi yolakwika, monga zija zimene zimabwerera ku caka cakale batire ikatheratu, ikhoza kugonjetsa kapena kugonjetsedwa mosayenera. M'njira zonsezi, makinawo sadziwa kuti 310 ndi ciwerengero ca munthu amene anayenda khola ndi khola, pamene 120 ndi cotsalira ca miyezi inai yapita. Kwa iwo zonse ndi zilembo.

Cifukwa cake tasintha kalembedwe kathu, ndipo tikupempha makalabu ndi mipingo imene imasunga mindandanda yotere kuti iganizirepo. Lamulo loyamba ndi lakuti munthu amene ali kumudzi sakonza zimene wina analemba kale. Amaonjeza mzere watsopano pansi, m'malo olembamo ndemanga. Mizere iwiri yoonjezedwa ndi anthu awiri siilimbana. Ikafika, yonse imakhala, wina pamwamba wina pansi, ngakhale umodzi utacedwa masiku atatu. Mlangizi uja akanalemba motere, palibe cikanatayika:

```
K14, 12/08, nkhuku 310 (osati 120), midzi 2 yalowa
```

Mzerewu uli ndi zinthu zinai zokha: nambala ya kalabu, tsiku, cimene casintha, ndi cifukwa cake m'mau atatu. Tsikulo timalilemba ndi manja ngakhale kuti pulogalamu imaika lake, cifukwa tsiku la pulogalamu nthawi zina limakhala la pamene mzerewo unafika, osati la pamene nkhuku zinawerengedwa. Ndipo mau akuti "osati 120" si okongoletsa: amauza wowerenga kuti wolembayo anaiona nambala yakale ndipo akuikana dala. Bokosi lalikulu la pamwamba lija tsopano lili ndi mwini mmodzi yekha, wa mu ofesi, amene amalikonza atawerenga mizere ya pansi, ndipo amalikonza pokhapokha intaneti ili yoyaka. Ciwerengero, tsiku ndi malo tazilekanitsanso, ciliconse m'kabokosi kake, kuti wosintha tsiku asanyamule nkhuku za wina m'thumba mwake mosadziwa.

Ena mwa ife anadandaula kuti khadi lokhala ndi mizere khumi pansi pake silioneka laudongo. Nzoona, silioneka. Koma buku la ndalama la pa mpingo nalonso silifafanizidwa msungicuma akalakwitsa. Amalemba mzere wina wokonza, kuti wobwera pambuyo aone pamene zinakhotera. Sitinamvepo wina akuti bukulo ndi lauve.

Tsopano za kulemera kwa zimene timatumiza, pakuti apa mpamene ndalama za alangizi zimathera. Cilembo cimodzi cimalemera pafupifupi baiti imodzi, motero mzere ngati uli pamwambawu sufika ngakhale mabaiti 100. Pulogalamu imaukulunga m'zinthu zake zina potumiza, ndiye tiyeni tiupatse malo ambiri, tinene kuti mzere uliwonse umadya makilobaiti 5. Mlangizi wolemba mizere 20 pa tsiku amadya makilobaiti 100, ndipo m'masiku 26 a nchito pa mwezi amadya pafupifupi 2.6 MB. Cithunzi cimodzi cojambulidwa ndi foni wamba ya masiku ano, cikatumizidwa monga ciliri, cimatha kulemera 3 MB kapena kuposa. Ndiko kunena kuti cithunzi cimodzi ca khola cimalemera kuposa malipoti onse a mwezi wathunthu.

Kudula kwake ndi vuto limodzi. Lina, lalikulu koposa, ndi nthawi. Pamwamba pa foni, pafupi ndi timizere ta netiweki, pamaoneka cilembo: `4G`, `H`, kapena `E`. Kumidzi yambiri imene timafikako cimene cimaoneka ndi `E`, njira yakale ndi yoyenda pang'onopang'ono, imene potumiza imatha kukoka makilobaiti 6 okha pa sekondi, mwina kucepera apo. Pa liwiro limeneli mzere wathu uja umapita m'sekondi imodzi. Cithunzi ca 3 MB cimafuna mphindi zoposa 8, ndipo cimafuna kuti netiweki isaduke m'mphindi zonsezo. Aliyense amene anaimapo pa culu atakweza foni m'mwamba adziwa kuti mphindi 8 zosaduka ndi mwai wosowa. Ikaduka pa mphindi yacisanu ndi cimodzi, mapulogalamu ambiri amayambiranso pa ciyambi, ndipo zimene zinadyedwa kale pa bandulo sizibwezedwa. Coipitsitsa n'cakuti mapulogalamu ena amatumiza zinthu motsatana monga zinalowera pamzere. Ngati cithunzi cili patsogolo, mizere yonse ya kumbuyo kwake imaima, ngati ngolo yolemedwa imene yatitimira pa mlatho wopapatiza. Mlangizi amaganiza kuti netiweki yakana zonse, pomwe yakana cinthu cimodzi cokha cimene catsekereza zinzake.

Sitikunena kuti zithunzi zilibe nchito. Tsamba la cimanga lodyedwa ndi mbozi, kapena nkhuku yopindika khosi, zimafunika kuti wodziwa aone ndi maso. Abwenzi amene amathandiza nchito yathu ndi ndalama nawonso amafuna kuona, ndipo ali ndi ufulu wofuna. Cimene tikukana ndi cizolowezi comangirira cithunzi pa lipoti lililonse, ngati kuti mau a mlangizi sakhulupirika popanda ico. Dongosolo lathu tsopano ndi ili: mau amapita tsiku lomwelo, paokha, ndipo amapita poyamba. Zithunzi za umboni zimadikira m'foni kufikira tsiku la msonkhano pano pa sukulu, pamene zimatumizidwa pa intaneti ya mu ofesi kapena kukoperedwa ndi cingwe. Cithunzi cokhaco cimene cimafunika yankho lacangu, monga ca matenda, ndico cimatumizidwa kucokera kumudzi, ndipo cimayamba cacepetsedwa. Amene mumadzaza mafomu pa KoboCollect mungapeze zimenezi pa `Image size`; mukasankha `Small`, cithunzi cimatsika kufika pafupifupi makilobaiti 200, cimene pa `E` cimapita m'theka la mphindi, ndipo mabowo a mbozi pa tsamba amaonekabe bwino lomwe.

Pali funso limene timafunsa alangizi atsopano pa tsiku loyamba: mwalemba, mwasunga, kodi zafika? Ambiri amayankha kuti inde, cifukwa akaona zolemba zao pa foni, zili pomwepo. Koma zili pomwepo cifukwa foni ikukuonetsani kope lanu lomwe. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapacala ngwamphepo, ndipo lipoti limene likali m'foni ndi fodya wapacala. Tonse timadziwa kale kusiyanitsa zimenezi pa WhatsApp: kawochi kakang'ono kamatanthauza kuti uthenga ukali m'foni, kacongi kamodzi kakuti wacoka, ndipo tiwiri takuti wafika pa foni ya mnzathu. Mapulogalamu a nchito nawonso ali ndi zizindikiro zao, koma ndi zobisika: kamtambo kodulidwa ndi mzere, timivi tozungulira, kapena mau ang'onoang'ono onena kuti pali zosintha zosatumizidwa. Pa KoboCollect nambala ya pa `Ready to send` iyenera kutha, ndipo fomuyo iyenera kuoneka pa `Sent`. Munthu aliyense ayenera kudziwa cizindikiro ca pulogalamu yake monga adziwira cizindikiro ca ng'ombe zake.

Timizere ta netiweki tisakunyengeni. Timaonetsa mphamvu imene foni ikumvera nsanja, osati kuculuka kwa zimene zingadutse. Mungakhale ndi timizere todzaza, kuimba lamya kukumveka bwino, koma intaneti osayenda, cifukwa nsanjayo yadzaza ndi anthu kapena njira yake yopita kutsogolo yaduka. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuthima maola ambiri, tinaona nsanja zikuzima mabatire ao atatha, ndipo zotsalazo zikulemedwa ndi anthu onse a m'deralo. Cimene taphunzira kucokera nthawi imeneyo n'cakuti m'mawa kwambiri, anthu asanayambe kuonera mavidiyo, zinthu zimapita mosavuta kuposa madzulo. Mlangizi aliyense tsopano ali ndi malo ake odziwika otumizira, wina pa cikweza, wina pa bwalo la sukulu, ndipo amaimapo dala. Akafika amatsegula pulogalamu, naisiya yotsegula pamaso pake kufikira cizindikiro citasintha. Foni ikaumirira pa `E` pamalo pamene adziwa kuti `H` imapezeka, amayatsa `Airplane mode` masekondi ocepa nazimitsanso, kuti foni ifunefune nsanja mwatsopano. Ndipo sadinadina batani lotumizira kasanu cifukwa ca kukwiya, pakuti tinalandirapo lipoti limodzi katatu, ndipo wowerengera anatsala pang'ono kuonkhetsa mbeu ya mabanja 18 ngati ya mabanja 54.

Kusiya pulogalamu yotsegula kuli ndi cifukwa cake, ndipo cifukwaco ndi msampha umene ife tomwe tinacha. Caka catha tinalangiza alangizi onse kuyatsa `Data Saver` pa mafoni ao kuti bandulo ikhalitse. Langizolo linali labwino, pakuti cimene cimadya bandulo kwambiri si malipoti, koma zinthu zocitika kuseri munthu osadziwa: mapulogalamu odzikonza okha, mavidiyo a m'magulu odzitsitsa okha, zithunzi zodzikweza zokha. Koma `Data Saver` imagwira nchito mwa kuletsa mapulogalamu kugwiritsa nchito intaneti pamene sali otsegula pamaso. Siisiyanitsa vidiyo ya ukwati ndi lipoti la katemera. Motero mlimi wina wotsogolera anayenda mlungu wathunthu ndi malipoti asanu ndi awiri m'thumba, akudutsa m'malo a netiweki tsiku lililonse, koma foni yosatumiza kanthu cifukwa pulogalamu inali yotseka. Mankhwala ake ndi osavuta: pansi pa `Data Saver` pali mndandanda wochedwa `Unrestricted data`, ndipo pulogalamu ya nchito iyenera kuloledwa pamenepo. Cosungira batire naco cimacita zofanana, ndiye ciyang'aneni. Maina amenewa amasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa foni, koma amene zakuvutani bwerani nazo pa tsiku la msonkhano, tidzafufuza pamodzi. Potero tidzaikanso `Auto-update apps` pa `Over Wi-Fi only`, ndi kuzimitsa `Media auto-download` ya pa WhatsApp, zinthu ziwiri zimene zimapulumutsa bandulo yoculuka kuposa kufupikitsa malipoti konse kumene tingacite.

Msampha wina ndi mtundu wa bandulo. Pali mabandulo otsika mtengo amene amagwira pa WhatsApp ndi Facebook pokha. Munthu amagula imeneyo, mauthenga a abale akulowa bwino, ndipo amakhulupirira kuti intaneti ilipo. Pulogalamu ya nchito siidutsa pa bandulo yotere; imaima, kapena imayamba kudya ndalama zoimbira pa mtengo wokwera. Cizindikiro cake n'cosavuta kucizindikira: WhatsApp ikuyenda, koma cina ciliconse cikungozungulira.

Cimene timaopa koposa zonse, ngakhale cimacitika mwa apo ndi apo, ndi kufafaniza mzere wa zoyembekezera. Foni ikadzaza, kapena pulogalamu ikayamba kuvuta, pamapezeka mnyamata wodziwa za mafoni amene amathandiza mwa kucotsa pulogalamuyo ndi kuiikanso, kapena kudina `Clear data`, kapena kuturutsa mwini wake mu akaunti kuti alowenso. Zonse zitatuzi zikhoza kufafaniza zimene zinali zisanatumizidwe, ndipo popeza sizinafike kulikonse, palibe kumene tingakazitenge. Okonza mafoni a pa msika nawonso amakonda kuyamba ndi kupukuta foni yonse. Lamulo lathu ndi lakuti foni ya nchito siiperekedwa kwa wokonza, ndipo pulogalamu siicotsedwa, mwini wake asanaone kuti palibe cotsala pamzere. Ngati foniyo yafa moti sangathe kuona, kabuku ka m'thumba ndiko kamatipulumutsa. Inde, kabuku tikali nako, ndipo sitikucita nako manyazi. Mlangizi amalemba mzere m'kabuku poyamba, kenaka pa foni, ndipo amaika cizindikiro ca pensulo pambali pake akaona kuti wapita. Mizere yopanda cizindikiro ndiyo ngongole yake ya mawa.

Pa nkhani zosadikira, monga nkhuku zikayamba kufa m'mudzi kapena ciwerengero cikasintha kutatsala masiku awiri ulendo usanacitike, sitidalira intaneti yokha. Mzere womwewo umatumizidwanso pa uthenga wamba wa SMS, umene umadutsa ngakhale pamene intaneti yakana, ndipo wa mu ofesi amayankha ndi liu limodzi, "ndalandira". Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, ndipo mzere wathu umakwana bwino. Kacinthu kamodzi kodabwitsa: mukaikamo cilembo ca ŵ cokhala ndi kadenga, kapena kankhope koseka, malirewo amatsika kufika pa zilembo 70, ndipo uthenga umodzi umasanduka iwiri kapena itatu, yolipiridwa payokhapayokha. Aphunzitsi athu a cinenero atikhululukire, koma pa SMS kadengako timakasiya.

Tamva cotsutsa cina cimene ticilemekeza kwambiri, cocokera kwa mmodzi wa alangizi athu akale. Iwo anati mzere waufupi umapha nkhani. Anati, "nkhuku 310" sizinena kuti mfumu ya mudzi wina inakana poyamba, kuti mai wina wamasiye anagulitsa nkhuku zake zonse kuti alipire mayeso a mwana, kuti anthu akunong'onezana kuti katemera ndiye amabweretsa matenda. Zimenezi ndizo zimauza sukulu ngati nchito ikuyenda kapena ikungooneka ngati ikuyenda. Akunena zoona, ndipo tikadati mzere waufupi ulowe m'malo mwa nkhani, tikadalakwa. Koma ndime yaitali yolembedwa ndi cala cimodzi pa kafoni, munthu ataima padzuwa batire ili pa 9 peresenti, sinali kusunga nkhani zimenezo ngakhale kale. Inali kungocedwetsa nambala. Alangizi anali kudikira madzulo kuti alembe bwino, madzulo n'kutopa, mawa n'kuiwala, ndipo lipoti linali kufika Lacisanu la nchito ya Lolemba. Nkhani ili ndi malo ake, pa msonkhano wa mwezi ndi mwezi, pamene munthu angafunsidwe ndi kuyankha, ndipo tatalikitsa nthawi ya msonkhanowo ndi ola limodzi pa cifukwa cimeneci. Mndandanda wa pa foni ndi wa zinthu zimene wina ayenera kucitapo kanthu mlungu uno.

Pali mbali ina imene ikhudza ife a mu ofesi, ndipo sitingaizembe. Amene tinapanga khadi la bokosi limodzi lalikulu ndife, titakhala pa mipando pafupi ndi intaneti yosawerengera, ndipo tinaliyesa pamenepo pomwe n'kuona kuti likuyenda. Amene tinali kufunsa cithunzi pa nchito iliyonse ndifenso, pomwe bandulo inali kucokera m'thumba la mlangizi, ndipo kwa alimi otsogolera, amene salandira malipiro, inali kucokera pa ndalama ya sopo ndi mcere. Munthu akamalipira yekha, amazimitsa intaneti ndi kuiyatsa kamodzi pa masiku atatu, ndipo ali ndi nzeru potero. Koma mndandanda umene anthu ake amautumizira kamodzi pa masiku atatu umakhala ukunena za dzana nthawi zonse, ndipo ndi m'mipata yotereyi mmene makope awiri amasiyanirana. Tikuona kuti bungwe lililonse lopempha malipoti a pa foni liyenera kugula bandulo ya malipotiwo, ndipo igulidwe ya mwezi wathunthu, osati ya tsiku limodzi imene imatha nthawi munthu asanafike pa cikweza. Masamu a pamwamba aja akuonetsa kuti mtengo wake si woopsa ngati zithunzi zacotsedwapo. Tapereka pempho limeneli ku komiti ya zacuma, pamodzi ndi lina lakuti fomu kapena khadi latsopano lililonse liyambe layesedwa ku mudzi wa netiweki yofooka koposa, pa foni yakale koposa imene tili nayo, lisanaperekedwe kwa anthu.

Tatsegulanso khadi la kalabu ija pokonzekera katemera wa mu Disembala. Pansi pake pali mizere isanu ndi umodzi. Womaliza ukunena kuti nkhuku ndi 285, ndi kuti mabanja anai amene anakana ulendo waciwiri avomera kutsekera ngati tidzafika isanakwane 9 koloko. Pansi pa mzerewo wosunga katemera walemba tsiku, ndi mau akuti waona 285.